Mimba ya m'chubu: chifukwa chake kupweteka mbali imodzi ndi timagazi tochepa sizodikira

Mayi amene wachedwa kupita kumwezi ndi sabata ziwiri, kenaka n'kuyamba kumva kubaya mbali imodzi ya chinena ndi kuona timagazi takuda pa kabudula wamkati, kawirikawiri sadera nkhawa. Amaganiza kuti msambo wabwera mochedwa. Ngati ankadziwa kuti waima, amaganiza kuti mwina akupita padera, ndipo amayesa kukula kwa vutolo poyang'ana nsalu: magazi akakhala ochepa, amati n'zazing'ono, zidikira kuche. Pa matenda ambiri a amayi kuganiza kotere kumagwira ntchito ndithu, koma pa mimba yokhala kunja kwa chiberekero n'koopsa, chifukwa magazi amene amapha mayiyo amatayikira m'kati mwa mimba, ndipo satulukira kunja kuti awaone pa nsalu.

Mimba zoterezi sizosowa. Pa mimba 100 zilizonse, imodzi kapena ziwiri zimakhala kunja kwa chiberekero, ndipo pa zimenezo, zoposa 9 pa 10 zimakhala m'chubu. Pakati pa zinthu zimene zimapha amayi m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, imeneyi ili patsogolo.

Kuti timvetse chifukwa chake chubu chimaphulika, tiyambe ndi ulendo wa dzira. Mayi ali ndi machubu awiri, china kumanja china kumanzere, chilichonse chotalika pafupifupi masentimita 10. Mbali ina chubu chimalumikizana ndi chiberekero, mbali ina chimatsegukira pafupi ndi thumba la mazira. Mwezi uliwonse dzira likatuluka, chubu chimalitola, ndipo ngati pali mbewu ya abambo, zimakumanira m'chubu momwemo, osati m'chiberekero. Ndiye mimba iliyonse, ngakhale ya mwana amene akusewera pabwalo panu lero, inayambira m'chubu. Dziralo limayenda masiku atatu kapena anayi kuti lifike m'chiberekero, mokankhidwa ndi tiubweya tating'ono tosaoneka ndi maso timene tayala m'kati mwa chubu. Likafika tsiku la 6 kapena la 7, limafuna pogwira, ndipo limagwira paliponse pamene lili. Ngati njira ili ndi zipsera, kapena tiubweya tija tinafa, dzira limachedwa panjira, nthawi yogwira n'kulipeza lidakali m'chubu.

Chiberekero chinapangidwira ntchito imeneyi: chili ndi mnofu wokhuthala umene umatanuka mpaka kunyamula mwana wa makilo atatu. Chubu n'chopyapyala, ndipo pamene chapanikizika kwambiri, bowo lake n'laling'ono ngati la kachubu ka inki m'bolopeni. Mimba ikagwira pamenepo, imachita zomwe ikanachita m'chiberekero: imaloweza mizu yake m'khoma kufunafuna mitsempha ya magazi. Khoma lopyapyalalo limadyeka m'kati uku likufufuma. Tsiku lina limayamba kudontha, kapena limang'ambika kamodzi n'kamodzi. Ndipo chubu chimalandira magazi kuchokera ku mitsempha iwiri, wa chiberekero ndi wa thumba la mazira, yomwe pa nthawi ya pakati imakhala itadzaza kuposa masiku onse.

Zizindikiro zimayamba kwambiri pa sabata 6 mpaka 8. Apa pamasokoneza anthu, chifukwa kuchipatala sabata za mimba timawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Mimba ya sabata 6 ndi ya mayi amene wachedwa kusamba ndi sabata ziwiri zokha. Sanayambe sikelo, mimba sikuoneka, apongozi sanauzidwe, mwinanso mwamuna sakudziwa. Kuno kwathu mimba yaing'ono sitilengeza, ndipo zifukwa zake tonse tikuzidziwa. Koma vuto limeneli limagwa ndendende m'masabata amene mayi ali yekha ndi chinsinsi chake. Mimba ikagwira pamene chubu chikulowa m'mnofu wa chiberekero, imatha kukhala mpaka miyezi itatu isanaphulike, ndipo ikaphulika pamenepo magazi amatayika mwachangu kwambiri.

Magazi amene amaoneka kunja aja sachokera pa bala la chubu. Thupi likamva kuti pali mimba, limayala mkati mwa chiberekero kukonzekera mwana, ngakhale mwanayo sali m'menemo. Mimba ya m'chubu ikayamba kufooka, zoyalidwazo zimayamba kugwa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake magazi ake amakhala ochepa, akuda kapena ofiirira, amadzimadzi, obwera n'kusiya. Nthawi zina zoyalidwazo zimatuluka zonse pamodzi ngati kanyama, ndipo mayi ndi anakubala onse amatsimikiza kuti wapita padera, zatha. Pamene akumupepesa n'kumuphikira phala, mimba ili m'chubu ikukulabe. Ndipo amayi ena sataya magazi n'komwe kunja.

Ululu nawo suli ndi chikhalidwe chimodzi. Ambiri amaloza ndi chala mbali imodzi, m'munsi mwa mchombo, kumanja kapena kumanzere. Ena amati kukubaya, ena amati kukukoka, ndipo umatha kuzilala kwa maola angapo n'kubweranso. Kuzilalako sikutanthauza kuti zachira. Chubu chikang'ambika, ululu umafalikira mimba yonse, mayi safuna kuti munthu amukhudze pamimba, amayenda chowerama, ndipo galimoto ikagunda bampu amakuwa.

Chizindikiro chimene anthu amachinyoza kwambiri ndi phewa, ndipo n'zomveka, chifukwa pamaso phewa silikugwirizana ndi chinena. Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu waukulu wopyapyala umene timapumira. Mtsempha wotumiza uthenga kuchokera ku mnofu umenewu umalowa m'msana cha m'khosi, malo amodzimodzi pamene pamalowa mitsempha yochokera pa nsonga ya phewa. Magazi akatayikira m'mimba n'kukwera kukakhudza mnofuwo kunsi kwake, ubongo umalandira uthenga wa ululu koma umalephera kusiyanitsa kumene wachokera, ndipo umauika pa phewa. Ndiye ululuwu umakhala pansonga penipeni, pamene phewa likuthera ndi dzanja kuyamba. Umakula mayi akagona chagada, chifukwa magazi amayenderera kupita kumtunda, ndiponso akakoka mpweya kwambiri. Kugwedeza dzanja sikuusintha, kusisita ndi mafuta sikuuchotsa, ndipo ukhoza kukhala pa phewa lililonse, osati la mbali ya chubu chokha. Phewa la munthu amene wasenza nkhuni kapena walima tsiku lonse limapweteka ukalikanikiza kapena ukakweza dzanja, pomwe ili limapwetekera m'kati ngakhale osalikhudza. Mayi woti akhoza kukhala ndi pakati akanena za phewa lotere, ine ndimamva kuti magazi atayika kale ochuluka ndithu, moti afika kumtunda kwa mimba.

Magazi omwewo akatsikira pansi, amadikha kuseri kwa chiberekero, moyandikana ndi thumbo la chimbudzi. Mayi amamva ngati akufuna kuchimbudzi, akapita palibe chotuluka, kapena amatsegula m'mimba pang'ono. Amayi ambiri amakomokera kuchimbudzi chifukwa cha zimenezi, ndipo ambiri amapatsidwa mankhwala a kutsegula m'mimba.

Tiyeni titsatire mayi mmodzi wongoyerekeza, koma wofanana ndi ambiri amene amafika m'zipatala za kuno kum'mawa. Ali ndi zaka 27, ana awiri, amakhala pamudzi wa kumbali ya Chipangali, ndipo amabweretsa matimati ku Chipata kudzagulitsa. Anasamba komaliza pa 3 Malichi. Pa 31 Malichi msambo sunabwere. Pa 9 Epulo anaona timagazi takuda masiku awiri, n'kunena mumtima kuti wasamba basi. Pa 14 Epulo anayamba kumva kubaya kumanja kwa chinena, anamwa panado, n'kupita kumsika monga mwa masiku onse. Pa 16 anapita pa kiliniki ina.

"Amayi, munasamba liti komaliza?"

"Sabata yatha, asisita."

Funso linali loyenera, yankho linali loona monga momwe iye ankadziwira, ndipo onse awiri anasochera pomwepo. Anamuyeza malungo, sanapezeke. Anamupatsa mapiritsi a matenda a m'chikhodzodzo n'kubwerera. Funso limene likanatsegula nkhani ndi lotsatira: kodi msambo umenewo unabwera pa tsiku lake, wochuluka ngati nthawi zonse, wa mtundu wa nthawi zonse? Akanayankha kuti unachedwa masiku 9, unali wochepa, wakuda. Ndipo ngakhale popanda funsolo, kachipangizo koyezera mimba mu mkodzo kakanayankha m'mphindi zisanu. Lamulo limene achipatala amaphunzitsidwa ndi lakuti mkazi aliyense wa msinkhu wobereka amene wabwera ndi kupweteka m'munsi mwa mimba ayezedwe mimba, kaya wanena kuti anasamba dzulo, kaya ali pa kulera, kaya ndi mwana wa sukulu amene wabwera ndi amayi ake. Ngati sanakuyezeni, pemphani nokha: "Asisita, ndiyezeniko mimba." Simukhala mwalakwira munthu.

Usiku wa pa 18 Epulo, mimba ili ndi sabata 6 ndi masiku 4, ululu unamudzutsa cha m'ma 2 koloko. Anapita kuchimbudzi, pobwera anaona mdima n'kukhala pansi pakhomo. Atamugoneka pamphasa anayamba kulira phewa lakumanja. Mwamuna wake anati wadzipweteka ndi dengu la matimati. Apongozi ake anamuunika ndi tochi ya pafoni, n'kuona kuti milomo yayera, thukuta lozizira lili pamphumi, manja azizira ngati wachokera kumadzi. Anayang'ana chitenje, panali kadontho kamodzi. "Mwana wanga, magazi sakutaya, koma nkhope iyi si yabwino. Kadzutseni a galimoto aja."

Apongoziwo anachita bwino kuyang'ana nkhope m'malo mwa chitenje. Mayi wa makilo 60 ali ndi magazi pafupifupi malita 4, ndipo m'mimba mukhoza kulowa malita awiri kapena atatu popanda dontho kutuluka kunja. Thupi la munthu wachinyamata limabisa kutayika kwa magazi mwaluso. Limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi apite ku ubongo ndi ku mtima, n'chifukwa chake manja amazizira. Mtima umathamanga kuti magazi ochepawo azungulire msanga. Bipi imakhala yooneka bwino mpaka munthu atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake, kuposa lita imodzi, ndiyeno imagwa mwadzidzidzi. Pamenepo nthawi yotsala ndi yochepa. Ngakhale kuyeza kuchuluka kwa magazi pa chala kumatha kunamiza m'maola oyamba, chifukwa magazi otsalawo amakhala asanasungunuke. Choncho mayi amene akulankhula, akuyankha mafunso, bipi yake ili 100/70, koma mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, ndipo akadzuka akuona chizungulire, ali pangozi yaikulu, ngakhale akuoneka wodekha.

Mayi wathu uja anafika kuchipatala chachikulu kukucha, ali ndi manambala omwewa. Mkodzo unaonetsa mizere iwiri. Sikani inaonetsa chiberekero chopanda kanthu ndi madzi akuda ambiri kuseri kwake, mpaka pansi pa chiwindi. Sanadikire kuyeza kwina. Anamuika madiripi awiri a singano zazikulu, anatenga magazi oti adziwe gulu lake, ndipo pasanathe ola anali m'fiyeta. Anapeza magazi malita pafupifupi awiri m'mimba ndi chubu chakumanja chitang'ambika. Anamanga mitsempha, n'kuchotsa chubucho. Akanadikira minibasi ya m'mawa, mwina sakanafika.

Pali chinthu chimodzi chimene mizere iwiri ija singakuuzeni. Kachipangizo ka mkodzo kamanena kuti mimba ilipo, koma sikanena kumene ili. Chimene chimanena malo ndi sikani. Sikani yolowetsa kunjira ya amayi imatha kuona kathumba ka mimba m'chiberekero kuyambira cha pa sabata 5, pamene ya pamwamba pa mimba imachedwerapo ndi sabata imodzi kapena kuposa. Ndiye zimachitika kuti mayi wayezedwa, mimba ilipo, koma sikani siikuona paliponse. Zikatero pali zinthu zitatu: mwina mimba ndi yabwino koma idakali yaing'ono kwambiri, mwina yapita padera, mwina ili m'chubu. Kumene kuli labu yotha kuyeza m'magazi hCG, chinthu chimene thupi limapanga mayi akakhala ndi pakati, amayeza kawiri motalikirana maola 48. Pa mimba yabwino nambala imakwera kwambiri, pafupifupi kuwirikiza kawiri; pa yopita padera imatsika msanga; pa ya m'chubu kawirikawiri imangokwera pang'ono kapena kuima. Kumene kuyeza kumeneku kulibe, amabwereza sikani patapita masiku, ndipo ngati mayi ali ndi ululu amamugoneka m'chipatala kuti azimuona. Mawu akuti "sitinaone kanthu" asakutumizeni kunyumba ndi mtendere. Funsani kuti: "Kodi mwaiona m'chiberekero?" Ngati yankho si inde, nkhani sinathe, ndipo ngati kwanu n'kutali ndi msewu, makamaka nthawi ya dzinja pamene mitsinje yadzaza, ndi bwino kugona kwa achibale pafupi ndi chipatala mpaka yankho lipezeke.

Kumene kulibe sikani, dokotala amatha kubaya singano m'munsi mwa mimba n'kukoka. Akatuluka magazi akuda osaundana, ndiye kuti m'mimba muli magazi. Singano ikatuluka youma sizitsimikizira kuti mulibe.

Kupita padera ndi mimba ya m'chubu zimafanana poyamba, koma kawirikawiri popita padera magazi amatsogola ndipo amakhala ambiri, ofiira, ululu uli pakati ngati wa msambo. M'chubu ululu ndi umene umakula, uli mbali imodzi, magazi ochepa, ndipo kufooka kwa mayi kumaposa magazi amene aoneka. Kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza kukayikira, osati kugamula muli kunyumba. Ngakhale dokotala sangasiyanitse ndi maso okha. Apendikisi nayo imapweteka kumanja, chotupa cha pa thumba la mazira chimathanso kuphulika, koma zonsezi n'zofuna chipatala chomwecho. Ndinenenso za mapiritsi ochotsera mimba amene ena amagula mobisa: amagwira ntchito pa chiberekero chokha, mimba ya m'chubu saikhudza. Kutsuka m'chiberekero nakonso sikuifika. Mtsikana amene wamwa mapiritsi otere n'kumamva ululu mbali imodzi, magazi osatuluka kwenikweni, amaganiza kuti mankhwala akugwira, ndipo amaopa kunena. Achipatala ayenera kumva zoona kuti amupulumutse.

Nanga achibale achite chiyani usiku umenewo? Choyamba ndi kusankha kolowera. Chubu chong'ambika sichisokedwa ndi mankhwala, chimafuna fiyeta ndi magazi. Zipatala monga Chipata Central, St Francis ku Katete, Mwami, ndi za maboma monga Petauke ndi Lundazi zimachita opaleshoni. Ngati chipatala chotere mungachifike mwachindunji, pitani komweko. Ngati kiliniki ndiyo ili panjira, imani pamenepo kuti aike diripi ndi kuitana ambulansi, ndipo nenani mawu onse pamodzi mukangofika: wachedwa kusamba, akumva kupweteka mbali imodzi, akulira phewa, anakomoka. Musaime pamzere. A SMAG, anthu odzipereka othandiza amayi apakati m'mudzi mwanu, amadziwa manambala ndi njira zopezera mayendedwe; agogodereni ngakhale pakati pa usiku. Mayi agone, miyendo ikwezedwe pang'ono, afunditsidwe. Pa njinga yamoto munthu wotere amatha kukomoka n'kugwa, ndiye ngati palibe china, wina akhale kumbuyo kwake momugwira. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa akupita kukagonekedwa ndi mankhwala ndipo m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu. Musamusisite kapena kumuthowa pamimba. Asipirini ndi bulufeni zisiyeni, zimachedwetsa kuundana kwa magazi. Pemphero lichitikire m'galimoto. Ndipo mayi wodwalayo, ngati ndi wamkulu msinkhu, amasaina yekha pepala la opaleshoni. Palibe chifukwa chodikira mwamuna amene ali ku Lusaka kapena malume amene foni yawo sikupezeka.

Mabanja ambiri amafunsa ngati dokotala sangasamutse mwanayo n'kumuika m'chiberekero. Sizitheka, kuno kapena kunja. Mizu ya mimba ikazulidwa pamene inagwira siigwiranso pena, ndipo m'chubu mwana sangakule mpaka kubadwa. Pa opaleshoni imeneyi palibe kusankha pakati pa mayi ndi mwana, popeza amene angapulumuke ndi mayi yekha. Ndi mimba yotayika ngati ina iliyonse, ndipo mayi ali ndi ufulu woilira, ngakhale anthu akumuuza kuti athokoze kuti ali moyo.

Kufika msanga kumasintha ngakhale mtundu wa chithandizo. Mimba ikapezeka chubu chisanaphulike, ili yaing'ono yosafika masentimita atatu ndi theka, mtima wa mwana usakuoneka, nambala ya hCG ili yotsika, mayi alibe ululu waukulu, pali jakisoni wa methotirekiseti amene amaimitsa kukula kwake kuti thupi liisungunule lokha. Koma njira imeneyi ili ndi malire ake. Imafuna kuyeza magazi pa tsiku la 4 ndi la 7, nambala itsike ndi magawo 15 pa 100 pakati pa masiku awiriwo, kenaka kuyeza sabata iliyonse mpaka ithe. Chubu chikhoza kuphulikabe m'masabata amenewa, moti mayi ayenera kukhala pafupi ndi chipatala. Amasiya mapiritsi a foliki asidi a kusikelo chifukwa amafooketsa mankhwalawa, samwa mowa, ndipo satenga mimba ina kwa miyezi itatu. Kwa mayi wa kumudzi wakutali, kapena pamene labu singayeze hCG mobwereza, opaleshoni ndiyo njira yotetezeka, ndipo dokotala akaisankha sikuti wathamangira mpeni. Opaleshoni ya chubu chosaphulika ndi yaifupi, kawirikawiri yosafuna kuikidwa magazi, yosiyana kutali ndi ya munthu amene wafika atazizira manja.

Chimene chimawononga machubu kwambiri ndi matenda opatsirana pogonana, makamaka chinzonono ndi kalamidiya. Kalamidiya ndi woipa chifukwa amayi ambiri samva chilichonse. Amakwera mwakachetechete n'kusiya zipsera zimene zimadzaoneka patapita zaka. Mayi akalandira mankhwala mwamuna osalandira, matenda amabwerera. Matenda olowa m'chiberekero pambuyo pobereka kapena pochotsa mimba mosasamala, opaleshoni yakale ya m'mimba, apendikisi imene inaphulika, ndi kusuta fodya, zonsezi zimakweza ngozi. Likodzo nalo, limene ambiri timalitenga tili ana posambira m'madambo ndi m'madamu, limatha kuikira mazira m'ziwalo zoberekera n'kusiya zipsera m'machubu. Komabe pafupifupi theka la amayi amene amapezeka ndi mimba ya m'chubu alibe chilichonse mwa zimenezi. Choncho si umboni wakuti wina anayenda kunja, ndipo si chifukwa choitanira ankhoswe.

Za kulera pafunika kunena mosamala, chifukwa mphekesera zilipo kale zambiri. Lupu, jakisoni, tapamkono ndi kutseka machubu sizibweretsa mimba ya m'chubu. Mayi amene akulera ali ndi mwayi wochepa woipeza kuposa amene sakulera, popeza mimba iliyonse imakhala yosowa kwa iye. Koma njira ikalephera, zomwe zimachitika mwa apo ndi apo, mimba imene yabwera pa lupu kapena pambuyo potseketsa imakhala m'chubu kawirikawiri kuposa mimba wamba. Chovuta china n'chakuti amene ali pa jakisoni kapena tapamkono anazolowera kusasamba kapena kudontheza, ndiye chizindikiro cha msambo sichiwachenjeza. Kwa iwo ululu wa mbali imodzi wokha ndi wokwanira kukayezetsa mkodzo.

Pambuyo pa opaleshoni, funso limene mayi amanong'oneza kwa namwino achibale atatuluka ndi lakuti: kodi ndidzaberekanso? Chimene chachotsedwa ndi chubu chimodzi. Chiberekero chilipo, mathumba a mazira kawirikawiri onse awiri alipo, msambo umabwerera pakatha sabata 4 mpaka 6, ndipo chubu chotsalacho chimatha kutola dzira ngakhale lochokera mbali inayo. Ngati chili bwino, amayi ambiri amatenganso pakati pasanathe zaka ziwiri. N'chifukwa chake musanatuluke m'chipatala, funsani adokotala kuti achotsa chubu cha mbali iti, ndipo chinacho anachiona chili bwanji, ndipo zilembedwe pa khadi lanu. Funsaninso gulu la magazi anu. Amene ali ndi gulu la negetivu amafunika jakisoni woteteza mimba zam'tsogolo m'maola 72. Mapiritsi owonjezera magazi amwedwe miyezi yonse imene mwauzidwa, chifukwa munthu amene wataya malita awiri sabwerera kudimba m'sabata imodzi. Madokotala ambiri amalangiza kudikira misambo iwiri kapena miyezi itatu musanayesenso.

Mwa amayi amene anakhalapo ndi mimba ya m'chubu, pafupifupi mmodzi pa 10 imadzamuchitikiranso. Ndiye kwa iwo mwambo wodikira mimba iyambe kuoneka usanapite kusikelo sugwira. Msambo ukangochedwa, yezani mkodzo. Mizere ikatuluka iwiri, pitani ndi khadi lija kuchipatala chimene chili ndi sikani cha pa sabata 6, ngakhale simukumva kupweteka kulikonse, ndipo mukauze amene akukuyezaniyo kuti munachitidwapo opaleshoni ya chubu, kuti ayambe n'kufufuza kumene mimbayo yagwira.